Munda sudagulitsidwe, nanga Chingerezi chikuti bwanji?

Kalata yaifupi ndiyo imavuta kuyendera ikamasuliridwa m'Chingerezi. Yaitali imadziwongola yokha. Womasulira akapotoza m'ndime yoyamba, ndime yachitatu imamutsutsa, ndipo wowerenga watcheru amaona kuti penapake pakhota. Koma kalata ya mizere isanu kapena isanu ndi iwiri ilibe chiganizo chopulumutsa chinzake. Chimodzi chikapotoka, papepalapo palibenso china chokuuzani kuti mwini mawu sadatero.

Kuno ku Kasungu makalata otere sasowa. Anthu timalankhula Chichewa, ena kumpoto kwa bomali Chitumbuka, koma maofesi amasunga Chingerezi. Kukhoti la majisitireti mboni imalankhula chinenero chake, womasulira n'kutembenuza, ndipo zolowa m'kaundula zimakhala za m'Chingerezi. Madandaulo a matenanti a kumaesiteti, makalata a ngongole za makalabu, mawu opita kwa maloya, zonsezi zimadutsa m'manja mwa munthu wina amene amadziwa zinenero ziwiri. Kawirikawiri munthuyo ndi mwana wa Fomu 4, mlembi wa kalabu, kapena mphunzitsi ngati ine. Ntchito imene imandipeza ine kwambiri si yomasulira ayi, koma yoyendera zimene wina wamasulira kale. Amabwera ndi pepala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tationerani ngati Chizungu chake chili bwino." Ine ndimayankha kuti Chizungu chokhacho sindingachione bwino popanda Chichewa chake, chifukwa Chizungu chikhoza kukhala chosalala kwambiri koma chikunena zimene mwini wake sadanene.

Ndifotokoze ndi kalata imodzi. Mayi wina wamasiye wa kumbali ya Santhe, amene adakwatiwa chitengwa, adali pamkangano wa munda ndi mwana wa alamu ake. Mnyamatayo ankati mundawo udagulitsidwa kwa banja lawo. Ofesi imene mayiwo adapitako kukapempha thandizo idafuna mawu awo mwachidule, olembedwa m'Chingerezi. Iwo adalankhula, mdzukulu wawo adalemba m'kope, ndipo m'mawa mwake mdzukuluyo adakhala pansi n'kumasulira. M'kopemo mudali izi:

> Munda uwu sindidagulitse. Malemu amuna anga adaupereka kwa mng'ono wawo kuti alimepo asanapeze malo ake. Ife timalima mbali ya kumtsinje. Si ana onse amene adavomera. Amfumu sanaweruze. Ndikadagulitsa, bwenzi pali mboni. Sindikukana kuti adandipatsa ndalama, koma zidali za lendi.

Papepala lopita ku ofesi padali izi:

> I did not sell this garden. My late husband gave it to his young brother to cultivate because he did not find his own land. We were cultivating the side near the river. All the children did not agree. The chief did not judge the case. If I sold it, there are witnesses. I agree that he paid me money but it was for rent.

Mdzukuluyu ndi wanzeru, ndipo mawu onse adawapeza. Munda ulipo, mtsinje ulipo, amfumu alipo, lendi ilipo. Mukayendera poyika chala pa liwu la Chichewa n'kufufuza mnzake m'Chingerezi, mudzanena kuti zonse zili m'malo. Komatu mwa ziganizo zisanu ndi ziwirizi, choyamba chokha ndicho chidawoloka chili chathunthu. Belo la fodya nalonso limaoneka bwino kunja, n'chifukwa chake ku okushoni ku Chinkhoma amalitsegula n'kusolola masamba a m'kati.

M'kati mwa chiganizo cha Chichewa ndi mwa mneni. Ife timalongedza zambiri m'liwu limodzi: wochita, kukana, nthawi, wochitiridwa, zonse zili mu *sindidagulitse* kapena *adandipatsa*. Chingerezi chimamwaza zimenezi m'timawu tambiri tating'onoting'ono, ndipo timawu timeneto ndi timene timatayika panjira. Choncho ine ndimayamba ndatembenuza pepala la Chingerezi kuti ndisalione. Ndimalemba aneni onse a m'Chichewa pamzere wotsika, muno alimo 12, ndipo mneni aliyense ndimamufunsa mafunso atatu. Kodi zimenezi zidachitika kapena ayi? Zidachitika liti? Nanga lero zikadali choncho? Ndikamaliza ndimabisa Chichewa, n'kufunsa mafunso omwewo kwa Chingerezi, ndikudziyesa munthu wa mu ofesi amene sadamuonepo mayiyu. Zimene ndimafananiza pamapeto ndi mayankho, osati mawu.

Ena amaphunzitsa kuti muziwerenga kukana konse mbali ziwirizo, kuti muone ngati chiwerengero chikufanana. Ndi njira yothandiza kuloza pokayikitsa, koma siitsimikizira kanthu. M'Chichewa chathuchi kukana kooneka ndi maso kulipo kasanu: *sindidagulitse*, *asanapeze*, *si*, *sanaweruze* ndi *sindikukana*. M'Chingerezi cha mdzukulu liwu loti "not" likupezeka kanayi. Mudzaona kumapeto kuti Chingerezi chokonzedwa bwino nachonso chili ndi "not" kanayi. Chiwerengero n'chimodzi, koma awiri mwa anayiwo akhala pena.

Tiyambe ndi *asanapeze*. Liwuli lili ndi *-sa-* wokana, ndipo mdzukulu atamuona adalemba "he did not find". Koma *-sana-* sakana kuti chinthu chidachitika. Iye amaika malire a nthawi. Ndikanena kuti "Ndidafika mvula isanagwe," sindikunena kuti mvula siidagwe. Mwina idagwa yambiri ndithu, kungoti ine ndidaitsogolera. Chomwechonso mayiwa akunena kuti mlamu wawo adapatsidwa munda kuti azilimapo podikira kupeza wake. Chingerezi chake ndi "before" kapena, bwino koposa pano, "until he found land of his own", mopanda "not" aliyense. Onani zimene pepala la mdzukulu lidachita: lidachotsa malire a nthawi, n'kuikapo chifukwa. Wowerenga akumva kuti munthu wosowa malo adapatsidwa munda chifukwa cha kusowa kwakeko, basi, mpaka kalekale. Mnyamata wa mbali inayo akadaliona pepalalo akadalikonda.

M'chiganizo chomwecho muli vuto lina lobisika kwambiri, limene kopelo silikadandionetsa. Ndidapempha mayiwo kuti, "Amayi, tanenaninso mawu aja okhudza malemu abambo, monga mudanenera dzulo." Iwo sadati *adaupereka*. Adakoka liwu: *adaaupereka*. Aliyense wokulira kuno amakumva kusiyana kumeneku ngakhale sangakufotokoze. Wina akati "Ndidagula njinga," mumayembekeza kuipeza pakhonde. Akati "Ndidaagula njinga," mumadziwiratu kuti njingayo idapita, kaya idabedwa kaya idagulitsidwa. Kukoka kumeneko kumanena kuti chinthu chidachitika, koma zotsatira zake zidafafanizika. Mundawo udaaperekedwa, ndiye kuti udabwerera.

Zimenezi si zachilendo kwa akatswiri a chinenero, ndipo mbiri yake imatikhudza ife a ku Kasungu. Buku la galamala ya Chichewa limene Mark Hanna Watkins wa ku Amereka adatulutsa mu 1937 lidachokera pa kalankhulidwe ka munthu wakwathu, Kamuzu Banda, nthawi imene ankaphunzira ku Chicago. M'bukumo nthawi yakale idagawidwa motero, ina imene zotsatira zake zikadalipo ndi ina imene zotsatira zake zidatha, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu kudalembedwa ndi zizindikiro. Koma kalembedwe kamene tonse tidaphunzira kusukulu, Chichewa chitakhala chinenero cha dziko mu 1968, sikaika zizindikiro zoterozo, ndipo ambiri polemba sakoka *-daa-*. Sindikuti n'kulakwa, kalembedwe kodzaza ndi timizere pamwamba pa malembo kakadatopetsa aliyense. Ndikungoti pepala la Chichewa limasunga zochepa kuposa zimene pakamwa padatulutsa, ndipo womasulira kuchokera papepala lokha amayamba ntchito zina zitatayika kale.

Tsono pa *adaaupereka* Chingerezi cha "gave" chikuchepa. Choyandikira ndi "had given", chimene chimauza wowerenga kuti pambuyo pake padachitika zina. Mdzukulu adafunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji tingolemba kuti adabwereketsa, kuti zimveke msanga?" Ndidamukaniza. Agogo ake sadanene kuti *adabwereketsa*. Mwina ndi zimene zidachitikadi, koma woyendera kumasulira sakonza mlandu wa munthu. Akafunsidwa pabwalo kuti mudati adabwereketsa, iwo n'kuyankha kuti ayi ndidati adapereka, pepala lonse limayamba kukayikitsa. Ngati mwini mawu akufuna kuwonjezera kapena kulimbitsa, asinthe Chichewa chake poyamba ndi pakamwa pake, kenako Chingerezi chitsatire.

Chiganizo chachitatu chili ndi liwu limene ndimaliopa m'kalata iliyonse: mneni wokhala ndi *-ma-*. Papepala *timalima* ndi liwu limodzi, koma m'kamwa ndi awiri. Mukayamba pamwamba, *ti-* atakwera, mukunena za masiku onse: ndiyo ntchito yathu, chaka ndi chaka, mpaka pano. Mukayamba pansi, mukunena zimene zinkachitika nthawi ina yapita, monga poyankha wofunsa kuti mudali kuti m'mawa muja. Mdzukulu, powerenga kope lake m'mawa mwake liwu la agogo litachoka m'makutu, adasankha lachiwiri n'kulemba "We were cultivating". Pamlandu wa munda kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa wina akuti tikulimapo, winayo akuti tidaalimapo.

Apa pali chizindikiro chimodzi chothandiza. Munthu wonena za kalekale, zimene adasiya, nthawi zambiri amati *tinkalima*. Popeza mayiwa sadatero, mtima wanga udapendekera ku nthawi ya masiku onse. Koma kupendekera si umboni, ndiye ndidafunsa. Ndipo kafunsidwe kake n'kofunika. Musamufunse munthu wamkulu kuti mneniyu ali m'nthawi yanji, kapena kumupatsa ziganizo ziwiri zofanana kuti asankhe. Mwaulemu adzangovomera chimene mwatchula pomaliza. Mufunseni za munda weniweniwo. Ine ndidati, "Kumtsinje kuja chaka chino kuli chiyani, amayi?" Iwo adati, "Chimanga, aphunzitsi, ndi mtedza pang'ono kumtunda kwake. Ndapalira ndekha." Basi, yankho lapezeka: "We farm", kapena "We still farm" akadakhala kuti adanena *timalimabe*. Sadanene, choncho "still" sitidamuike.

Chiganizo cha ana chili ndi kukana mbali zonse ziwiri, ndipo wowerenga chiwerengero akadachidumpha. Vuto ndi pamene kukanako kwakhala. M'Chichewa *si* waima kutsogolo kwa *ana onse*, ndiye akukana kuchuluka kwa anawo, osati kuvomera. Yerekezani ziganizo izi: "Si ana onse amene adavomera," "Ana onse sadavomere," ndi "Palibe mwana amene adavomera." Choyamba chikutanthauza kuti ena adavomera, ena adakana. Ziwiri zinazo zikuti wovomera padalibe. Chingerezi cha mdzukulu, "All the children did not agree", ambiri adzachimva monga ziwiri zomalizazi. Funso loyesera n'losavuta: kodi alipo mwana ngakhale mmodzi amene adavomera? Chichewa chikuti alipo. Chingerezi chikuti palibe, kapena chikuyankha mozemba. Cholondola ndi "Not all the children agreed".

Mwina wina anganene kuti cholakwika ichi chikukomera mayiwo, nanga si chikuonetsa kuti ana onse adali mbali yawo. Chimakomera tsiku limodzi lokha. Mbali inayo ikangobweretsa mwana mmodzi wonena kuti ine ndidavomera, mayi amene adanena zoona m'Chichewa asanduka wabodza m'Chingerezi, ndipo zina zonse zimene adanena zidzayamba kupepuka.

*Amfumu sanaweruze.* Mawu awiri okha, koma ndi pamene ofesi imaonera chochita. Monga *timalima* uja, *sanaweruze* ndi mawu awiri ovala malembo amodzi. Liwu likakwera pa *sa-*, nkhani ndi yakale ndipo idatha: adakana, kapena adalephera, koma sadaweruze. Likayamba pansi n'kukwera chakumapeto kokha, ndiye kuti chiweruzo chikudikiridwa. Chingerezi chimalekanitsa ziwirizi poyera: "did not judge" ndi "has not yet judged". Wa mu ofesi akawerenga choyambacho aganiza kuti kumudzi njira yatsekeka, ayambe kulemba makalata opita patsogolo, mwinanso odandaula za amfumuwo. Akawerenga chachiwiri adziwa kuti nkhani ikadali pabwalo la kumudzi. Mayi wa chitengwa amene amuna ake adamwalira safuna kuti amfumu a mudzi umene akukhalamo amve kuti iye wakawanenera ku boma kuti adakana kuweruza.

Papepala pomwepo padali kachizindikiro. M'chiganizo choyamba mayiwa adati *sindidagulitse*, ndi *-da-*, koma apa adati *sanaweruze*, ndi *-na-*. Kwa olankhula ambiri a kuno, *-da-* ndi wa zakale zimene zidapita, ndipo akasintha n'kunena *-na-* pokana, kawirikawiri akutanthauza kuti nthawi yake siinakwane. Koma musachiyese lamulo. Anthu ambiri a kum'mwera, ndi achinyamata ambiri kulikonse, amanena *-na-* ponseponse, ndipo mdzukulu wolemba akhoza kusintha *-da-* wa agogo ake kukhala *-na-* osazindikira n'komwe. Chimene chimachotseratu chikayiko polemba ndi *-be*: *sanaweruzebe*. Ndimalangiza alembi a makalabu kuti akamva munthu akutanthauza kudikira, amufunse ngati angalembe ndi *-be*, kuti womasulira wam'tsogolo asavutike.

Pofufuza chiganizo chimenechi pali dzenje lina. Mukafunsa kuti, "Ndiye kuti amfumu sanaweruze?" mayi adzayankha kuti, "Eya." *Eya* ameneyu akuvomera mawu anu, kuti mwanena zoona, chiweruzo kulibe. Koma wolemba mafunso ndi mayankho m'Chingerezi akaika "Yes" pansi pa funso lokana, mwini Chingerezi amva kuti amfumu adaweruza. M'mapepala a mafunso ndi mayankho, paliponse pamene funso lili ndi *si-* ndipo yankho ndi liwu limodzi, ine ndimaika chizindikiro chofiira, ndipo yankholo ndimalilemba lathunthu. Komanso funso lotere silikadandithandiza, poti *eya* akadavomera matanthauzo onse awiri. Ndidafunsa kuti, "Nkhaniyi panopa ili pati?" Adati, "Ili kwa amfumu. Ati tikakolola adzatiitana."

Tsopano chiganizo chimene chikadawononga zonse. *Ndikadagulitsa, bwenzi pali mboni.* Muno mulibe *si-*, mulibe *-sa-*, mulibe *palibe*. Woyendera wosaka kukana ndi maso adzadutsa osaima. Komabe chiganizochi chikukana kawiri: sindidagulitse, ndipo mboni palibe. Ndiyo ntchito ya *-kada-*, kapena *-kana-* kwa ena, akatsatana ndi *bwenzi*. Amanena chinthu chimene sichidachitike, kuti aonetse chimene chikadatsatira. Ndipo amagwiranso chobwerera: munthu akati "Ndikadapanda kugulitsa, bwenzi ndili ndi chimanga," ndiye kuti adagulitsa, ngakhale m'chiganizomo muli liwu lokana.

Funsani tsono mafunso athu aja. Kodi mboni zilipo? Chichewa chikuti palibe, ndipo kusowa kwa mbonizo ndiwo umboni wa mayiwa. Chingerezi cha mdzukulu, "If I sold it, there are witnesses", chikuti mboni zilipo, ndipo chikusiya khomo lotsegula kuti mwina kugulitsa kudachitika. Loya wa mbali ina akadangofunsa kuti mbonizo ndi ndani. Chingerezi chili ndi kamangidwe kake ka zinthu zimene sizidachitike, ndipo timawu take sitisinthanitsika: "If I had sold it, there would have been witnesses." Mukaona *-kada-* ndi *bwenzi* m'Chichewa, fufuzani "had" mbali yoyamba ndi "would" mbali yachiwiri. Chimodzi chikasowa, imani.

Chimene chimasokoneza ana athu apa n'chakuti *-ka-* ali ndi abale ambiri ofanana nkhope. *Ndikagulitsa* ndi za m'tsogolo, zimene zikhoza kuchitika. *Ndikadagulitsa* ndi zimene sizidachitike. *Ndikadali* si kukana konse, akungonena kuti zinthu sizinasinthe. *Ndidakagulitsa* ndiye kuti ndidapita kwina n'kugulitsa kumeneko. Kusiyana ndi phatikizo limodzi, kapena malo ake okha, ndipo m'kope lolembedwa mothamanga ndi bolopeni yotha inki, phatikizo limodzi silichedwa kusowa.

Chiganizo chomaliza chili ndi zolakwika zing'onozing'ono zitatu zimene pamodzi zimalemera. *Sindikukana* si chimodzimodzi ndi *ndikuvomera*. Wonena kuti sindikukana akulola mfundo imodzi mosamala, akukonzekera kunena *koma*. Masamu amati kukana kawiri ndi kuvomera, koma pakamwa pa munthu sizitero, ndipo Chingerezi chili ndi njira yake yofanana ndendende: "I do not deny". Chachiwiri, *adandipatsa* adasanduka "paid", liwu limene pamlandu wa kugulitsa limanunkha malonda. Mayiwa adangoti adapatsidwa. Chachitatu ndi wopereka ndalamayo. *A-* wa Chichewa sasankha mwamuna kapena mkazi, mmodzi wolemekezeka kapena gulu. Chingerezi chimakukakamizani kusankha, ndipo mdzukulu adalemba "he". Bwererani m'Chingerezimo mufufuze mwamuna amene watchulidwa pomaliza "he" ameneyu asanafike. Ndi amfumu. Mlendo wowerenga pepalalo akhoza kumva kuti amfumu, amene sadaweruze mlandu, adapereka ndalama kwa mayiwa. Titafunsa, wopereka adali mwana wa alamu uja, amene adachita lendi gawo lina la mundawo bambo ake atachokapo. Apa tidayenera kumutchula, ndipo tidamutchula mbali zonse ziwiri, m'kope ndi papepala.

Za "garden" sindidalimbane nazo kwambiri. M'Chingerezi cha kuno aliyense amadziwa kuti ndi munda, ngakhale wakunja angaganize za kadimba ka maluwa. Tidaika "field" poti sizidatitengere kanthu.

Pali njira ina imene mabungwe amaikonda, yopatsa munthu wachitatu Chingerezi chokha kuti achibwezere m'Chichewa, kenako n'kufananiza ndi choyambirira. Ndi yabwino, ndipo ndidaiyesa pa pepala la mdzukulu ndi mphunzitsi mnzanga amene sadaone kope lija. Idagwira zina msanga. Iye adalemba kuti "Ana onse sadavomere" ndi "Ngati ndidagulitsa, mboni zilipo", ndipo kusiyana kudaonekera poyera. Koma pa amfumu adalemba kuti "Amfumu sanaweruze mlanduwo", malembo omwewo a m'kope. Wofananiza mapepala awiri akadachonga kuti zagwirizana, chonsecho mnzangayo amatanthauza zakale pamene mayiwa amatanthauza kudikira. "We were cultivating" naye akhoza kubwerera ngati *timalima*, n'kuoneka ngati palibe chidasintha. Njirayi ndi yakhungu pamalo enieni pamene kalembedwe kathu sikaona. Ilinso ndi chilema china: wobwezera amene ndi Mmalawi amaganiza m'Chichewa ngati womasulira woyamba uja, ndiye Chingerezi chopotoka amachimva monga mnzakeyo ankafunira, n'kuchiwongola mumtima osadziwa.

N'chifukwa chake ndimati kubwezerako kuzichitika ndi pakamwa, mwini mawu ali pomwepo. Wobwezera awerenge Chingerezi chiganizo chimodzi, achinene m'Chichewa mokweza, ndipo mwini mawu amve ndi makutu ake. Khutu la mayi wa ku Santhe silingasokoneze *sanaweruze* wa kudikira ndi *sanaweruze* wa kukana, ngakhale sadziwa kuwerenga. Ngati mwini mawu ali kutali, mujambuleni mawu pafoni nthawi imene akulankhula koyamba, kuti womasulira ndi woyendera akhale ndi liwu, osati malembo okha. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo pa kalata iyi zikadapulumutsa ziganizo zitatu.

Titawawerengera motero Chingerezi chimene tidakonza, mayiwo adaima pa chiganizo chachiwiri. Mnzanga adabwezera "had given" kuti *adapereka kale*, ndipo iwo adapukusa mutu. "Iyayi, aphunzitsi. Kale lokhalo ayi. Mundawo adaubweza." Adanena zoona. Chingerezi cha "had given" chimangolozera kuti padachitika zina, koma sichinena motsimikiza kuti chinthucho chidabwerera monga *-daa-* amanenera. Pamene nthawi ya mneni wa Chichewa ilibe mnzake wokwanira m'Chingerezi, njira ndi kutulutsa tanthauzolo kuti likhale chiganizo pachokha, mwini wake atachinena. Tidawapempha kuti anene okha, ndipo adati, "Adaubweza amuna anga akadali moyo." Mdzukulu adachilemba m'kope, kenako tidachimasulira. Adawonjezeranso kuti lendi ija idali ya chaka chimodzi, ndi kuti chimene ana ena adavomera ndi lendiyo, osati kugulitsa. Pepala limene lidapita ku ofesi, litamatidwa pamodzi ndi Chichewa chake ndipo mapepala onse awiri atadindidwa chala, lidali lotere:

> I did not sell this field. My late husband had given it to his younger brother to farm until he found land of his own. The brother returned it while my husband was still alive. We farm the side near the river. Not all the children agreed to renting it out. The village head has not yet judged the case. If I had sold it, there would have been witnesses. I do not deny that my brother-in-law's son gave me money, but it was rent for one year.

M'chiganizo chachitatu tidalemba "The brother" m'malo mwa "He", chifukwa m'chiganizo cham'mbuyo muli amuna awiri, ndipo wowerenga sayenera kulota kuti wobweza munda ndi uti.